Inshuwaransi ya pa tebulo la bulakijaki: masamu ake ndi otani?

Zaka zomwe ndakhala ndikugawa makhadi mu kasino, funso limene ndafunsa anthu kambirimbiri ndi la mawu amodzi okha: "Inshuwaransi?" Limafunsidwa pamene khadi langa looneka, ine wogawa, lili A, lomwe osewera amati eyisi. Nthawi imeneyo tebulo lonse limati zii. Aliyense akudziwa kuti ngati khadi langa lachiwiri, lovundikira lija, lili 10, J, Q kapena K, amene onse ndi a mtengo wa 10, ndiye kuti ndili ndi 21 ya makhadi awiri, bulakijaki yeniyeniyo, ndipo ndikukokolola ndalama za onse amene alibe bulakijaki. Mantha amenewa ndi amene amagulitsa beti imeneyi.

Kachitidwe kake nkosavuta. Tinene kuti mwabetcha K10,000. Lamulo limakulolani kuika ina yosapitirira theka la beti yanu, apa K5,000, pa mzere umene pa tebulo ndi pa foni pomwe pamalembedwa INSURANCE PAYS 2 TO 1. Ndikasuzumira pansi nkupeza kuti ndilidi ndi 21, ndimatenga K10,000 yanu ija, koma pa K5,000 ya inshuwaransi ndimakulipirani kawiri, K10,000. Simunapindule, simunaluze. Ndikapeza kuti pansi pali khadi lina, K5,000 ija ndimaitenga pomwepo, masewera nkupitirira ngati palibe chachitika.

Taonani bwino zachitikazo. Makhadi amene ali m'manja mwanu sanalowepo paliponse. Kaya muli ndi 20, kaya muli ndi 12, inshuwaransi ilipira kapena silipira potengera khadi limodzi lokha, langa lovundikira. Imeneyi ndi beti ina yapayokha, yoti "khadi lili pansipo ndi la mtengo wa 10". Dzinalo ndiye lachinyengo, chifukwa munthu akamva inshuwaransi amaganiza za galimoto kapena nyumba, amadziona wochenjera. Akanailemba kuti "betchani kuti pansi pali teni", ambiri bwenzi akuidumpha.

Tsono tiwerenge. Paketi ya makhadi ili ndi mitundu 13, kuyambira A mpaka K. Mwa imeneyi, inayi yokha ndiyo ya mtengo wa 10. Choncho eyisi akaoneka maulendo 13, pafupifupi maulendo anayi pansi pamakhala teni, maulendo asanu ndi anayi palibe. Ikani K5,000 ulendo uliwonse. Maulendo anayi aja mulandira K10,000 uliwonse, pamodzi K40,000. Maulendo asanu ndi anayi mutaya K5,000 uliwonse, pamodzi K45,000. Mwatsala ndi chibowo cha K5,000 pa K65,000 imene munaika, ndiye kuti pafupifupi K8 pa K100 iliyonse.

Gwero la vutoli ndi ili: beti yolipira kawiri imafuna kuti muziwina kamodzi pa katatu kuti mungobweza zanu. Mateni sakwana gawo limodzi mwa atatu a makhadi. Amaperewera pang'ono chabe, ndipo pang'ono pameneponso mpamene kasino imadyera. M'makasino ambiri timasakaniza mapaketi asanu ndi limodzi, makhadi 312, mateni 96. Kuchotsapo eyisi wanga, mwayi wa teni ndi 96 mwa 311, ndipo kutaya kwanu kuli pa K7.40 pa K100. Yerekezani ndi masewera enieniwo: munthu wosewera motsata ndondomeko yoyenera, pa tebulo la malamulo abwino, amataya ndalama yosafika K1 pa K100. Beti yotchedwa yotetezayi ndi imodzi mwa zolusa kwambiri pa tebulopo.

Chimene chimabisa zonsezi nchakuti inshuwaransi imalipira kawirikawiri ndithu, pafupifupi katatu pa maulendo khumi, ndipo imalipira pa nthawi yoti anzanu onse akulira. Ulendo umenewo simuuiwala. Koma K5,000 imene ndimatenga mwakachetechete maulendo enawo, inu maso ali kale pa makhadi anu, palibe amaikumbukira.

Cholakwa chimene chimandiwawa kuchiona ncha amene amati, "Ine ndimangoteteza makhadi abwino." Bambo wina amene ankabwera Lachisanu lililonse ankachita zimenezi. Akalandira K ndi Q, amaika inshuwaransi ndisanafunse nkomwe. Akalandira 9 ndi 6, amapukusa mutu, ati palibe choteteza. Masamu amanena zosiyana kwenikweni. Tengani paketi imodzi ya makhadi 52, mateni 16. Ngati muli ndi 9 ndi 6, ine ndili ndi eyisi, makhadi osaoneka ndi 49 ndipo mateni onse 16 ali mmenemo. Mutaya K2 yokha pa K100. Koma ngati muli ndi K ndi Q, mateni awiri mwawagwira inu, atsala 14 mwa 49. Pa maulendo 49 mulandira K140,000, mutaya K175,000, kutaya kopitirira K14 pa K100. Makhadi amene mukufuna kuti akhale pansi pangapo ali m'manja mwanu momwe. M'mapaketi asanu ndi limodzi kusiyanaku kumachepa, koma kumapendekerabe mbali yomweyo.

Pali nyambo ina yokoma kuposa apa. Inu muli ndi bulakijaki, ine ndili ndi eyisi. Ndimakufunsani ngati mukufuna kulandiriratu ndalama yofanana ndi beti yanu, zimene pa foni zimalembedwa Even Money. Ambiri amati, "Bwana, ndipatseni, ya m'manja ndiyo yanga." Iyi ndi inshuwaransi yomweija itavala malaya ena. Pa beti ya K10,000 ija, mukaika K5,000 ya inshuwaransi, ine nkukhala ndi 21, timafanana mphamvu, beti yanu imabwerera, inshuwaransi nkukupatsani K10,000. Ndikapanda kukhala nayo, bulakijaki yanu imalipira beti yanu ndi theka lake, K15,000, kuchotsapo K5,000 ija, K10,000 yomweyo. Kulikonse mulandira K10,000, nchifukwa chake timangokupatsirani.

Nanga mukakana? M'mapaketi asanu ndi limodzi, makhadi osaoneka atsala 309, mateni 95. Maulendo 95 simulandira kanthu, koma maulendo 214 mulandira K15,000, pamodzi K3,210,000. Wolandiriratu uja pa maulendo 309 omwewo ali ndi K3,090,000. Kusiyana kwake ndi K120,000, pafupifupi K390 ulendo uliwonse. Ndivomere, apa pokha ndimamumvetsa munthu. Ngati wabetcha ndalama yoti kuiphonya kumusowetsa tulo, K390 ndi mtengo wogulira mtendere wa usiku umenewo. Koma pamenepo chovuta ndi kukula kwa betiyo, ndipo kasino singakupatseni mwayi umenewu ikanakhala kuti ikuluzapo.

Ilipo nthawi imene inshuwaransi imapindulitsa. Katswiri wa masamu wa ku America, Edward Thorp, anaonetsa mu 1962 kuti munthu wowerenga makhadi amene atuluka kale angadziwe pamene otsalawo adzaza mateni. Akapitirira gawo limodzi mwa atatu, betiyo imatembenukira kwa wosewera. Owerenga mwa njira ya Hi-Lo amaika inshuwaransi chiwerengero chawo, atachigawa ndi mapaketi otsala, chikafika +3, ndipo izi sizichitika pafupipafupi. Kungoona kuti "mateni sanatuluke kwa kanthawi" si kuwerenga. Ndiponso matebulo ambiri lero ali ndi makina amene amabwezamo makhadi nkuwasakaniza mosalekeza, ndipo masewera a pa foni opanda munthu wogawa amasakaniza paketi yonse ulendo uliwonse. Pamenepo palibe chowerenga. Eyisi aliyense amene mukumuona akubwera ndi masamu aja a anayi mwa 13.