Kutengeratu malipiro n'kumadulidwa mwezi ndi mwezi: mafunso ndi mayankho

"Ndimagwira ntchito m'sitolo ku Ulongwe, ndimalandira mametikali 15,000 pamwezi. Ndikufuna abwana andipatsiretu 12,000 yogulira feteleza. Azindidula bwanji?"

Bambo, poyamba dziwani kuti ndalama imeneyi, yomwe ambiri kuno timaitchula kuti adiyantamento, ndi malipiro anu omwe, mwangowalandira tsiku lake lisanakwane. Palibe chowonjezera. Choncho funso lenileni ndi lakuti m'miyezi ikubwerayi muzipita kunyumba ndi zingati.

Pa 15,000 yanuyo amadulapo kale 450, yomwe ndi 3 peresenti ya INSS, bungwe loona za penshoni ndi thandizo la pa matenda, ndipo mumatsala ndi 14,550. Malipiro otere safika podulidwa msonkho wa IRPS. Tsono lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambique limanena kuti zodula zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a pamwezi. Kwa inu malire amenewo ndi 5,000. Mukati mubweze m'miyezi iwiri kuti muthane nazo msanga, ndiye kuti 6,000 pamwezi, ndipo mwapyola kale malire. Miyezi itatu ikutheka, chifukwa 4,000 kuphatikiza 450 ya INSS ikukwana 4,450, koma m'thumba mukulowa 10,550 yokha. Pa miyezi inayi azidula 3,000, inu n'kumalandira 11,550.

Anthu ambiri amangosankha miyezi inayi ya 3,000 poti ndi yosavuta kuwerengera. Ine ndingati yang'anani kaye kalendala. Mukatenga ndalamayo kumapeto kwa Okutobala, kudula kugwera mu Novembala, Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Miyezi iwiri yomalizayo ndi ija nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chakwera mtengo pamsika, ana akufuna makope ndi yunifolomu, mwinanso feteleza wobereketsa akufunika. Palibe chokuletsani kupempha kuti adule 4,000 mu Novembala, 4,000 mu Disembala, kenako 2,000 mu Januwale ndi 2,000 mu Febuluwale. Ikukwanabe 12,000, ndipo palibe mwezi wopyola malire. Wolemba malipiro angadandaule pang'ono kuti mukumuchulutsira ntchito, koma ndi mizere inayi basi.

"Kodi abwana angakane?"

Angakane, mayi. Lamulo limawakakamiza kulipira ntchito yomwe mwagwira pa tsiku lomwe munagwirizana, osati kukupatsirani ya miyezi yam'tsogolo. Malo ena antchito ali ndi ndondomeko yawo, monga yakuti amene ali pa nthawi yoyesedwa asatenge, kapena kuti munthu asatenge yachiwiri yoyamba isanathe. Funsani kuofesi kapena kwa akomiti ya sindikato ngati ilipo.

"Ife tinangogwirizana pakamwa ndi abwana, timakhulupirirana. Pepala n'lofunikadi?"

N'lofunika, achimwene, ndipo limateteza nonse awiri. Kupatula zinthu monga msonkho, INSS ndi zimene khoti lalamula, bwana saloledwa kudula malipiro a munthu popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake. Bwana wopereka ndalama pakamwa ndiye amadziika pangozi, chifukwa wantchito akadzakana, iye alibe poimira. Nanunso popanda pepala simungatsutse akadzati munatenga 14,000 pamene inu mukukumbukira 12,000.

Sipafunika chikalata chachitali. Tsamba limodzi likwanira, bola palembedwe ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu, tsiku lomwe mwailandira, mwezi woyamba ndi womaliza kudulidwa, ndi ndalama ya mwezi uliwonse. Pakhalenso mzere wonena zomwe zidzachitike ntchito ikatha ngongole isanathe, ndi wina wonena kuti palibe chiwongola dzanja. Adiyantamento nthawi zambiri sakhala nacho. Mukamva zakuti mwatenga 12,000 koma mudzabweza 14,000, imeneyo ndi ngongole ya mtundu wina, yoyandikira katapila, ndipo muiganizire payokha. Musayine makope awiri, ina mupite nayo kunyumba. Akakutumizirani pa M-Pesa kapena e-Mola, uthengawo musaufufute. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, wina akuwerengereni musanaike dzina.

"Pa resibu ya malipiro ndizionapo chiyani kuti ndidziwe kuti zikuyenda bwino?"

Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera mwakachetechete. Pamwamba pa resibu, malipiro anu ayenera kuonekabe athunthu, 15,000 monga mwa chitsanzo chija. Kumbali ya zodula kukhale mizere iwiri yosiyana, wa INSS wa 450, ndi wina wolembedwa Adiantamento kapena Desconto de adiantamento wa 3,000. Pansi pake ndiye 11,550.

Wolemba malipiro wofuna zachidule amangotsitsa malipirowo kukhala 12,000 n'kuwerengera INSS pamenepo. Mungadziwe msanga, chifukwa m'malo mwa 450 muona 360, ndipo mulandira 11,640. Zimaoneka ngati mwapindula 90, koma ku INSS kwalembedwa kuti mumalandira zochepa, ndipo 4 peresenti yomwe abwana amakulipirirani kumeneko nayonso yatsika kuchoka pa 600 kufika pa 480. Thandizo la pa matenda ndi penshoni amaziwerengera pa malipiro omwe analembedwa kumeneko, osati omwe inu mukuwadziwa mumtima. Kulakwitsa kwina ndi kwa mbali inayo: mwezi womwe mwatenga ndalamayo aiphatikiza ku malipiro ngati kuti mwalandira 27,000, n'kudulapo INSS ndi msonkho pa yonseyo. Pamenepo mwalipira kawiri pa ndalama imodzi, popeza miyezi yotsatirayo adzawerengeranso pa 15,000 yathunthu.

Ndipo chofala kuposa zonse n'choti mwezi wachisanu ufika, 3,000 adulanso. Kawirikawiri sikuti wina waba. Mu kompyuta anangoika kuti idulidwe mwezi uliwonse, osaika tsiku lothera, kapena amene ankadziwa nkhaniyo wapita kutchuthi. Kuseri kwa kope yanu ija muzilemba zotsala mukangolandira: 9,000, 6,000, 3,000, kenako palibe. Mwezi womaliza usanakwane, kawakumbutseni asanatseke malipiro. Kubwezetsa ndalama yodulidwa kale kumatenga nthawi kusiyana ndi kuiletsa.

"Mwezi uno ndinadwala, masiku ena sanandilipire. Adulabe 3,000 yonse?"

Malire a gawo limodzi mwa atatu amatsata malipiro a mwezi umenewo. Ngati atsika kufika pa 9,000, malire ndi 3,000, ndipo mukaikapo INSS ya 270 mwadutsa kale. Choyenera n'kudula yochepa, yotsalayo n'kuikankhira kumapeto, ndipo kusinthako kulembedwe pa pepala lomwe lija.

"Ndapeza ntchito ina ku Moatize koma kwatsala 6,000. Nditani?"

Ngongoleyo siifa chifukwa mwachoka, ndipo musachoke mozemba. Perekani chidziwitso monga mwa mgwirizano wanu wa ntchito, kenako mukhale pansi ndi abwana kuwerengera zomwe iwo akuyenera kukupatsani, monga masiku omwe mwagwira ndi tchuthi chomwe simunapite, ndi zomwe inu mwatsala nazo. Ngati pepala lija linanena kale kuti zotsala zidzachotsedwa pa malipiro omaliza, nkhani siitalika. Ngati silinanene, mugwirizane tsopano molemba, kaya kuchotsa gawo lina pomwepo, lina n'kumatumiza mukayamba kulandira ku Moatize. Mukamaliza, pemphani kakalata kosonyeza kuti palibenso chotsala.

Zikavuta, monga abwana atagwira malipiro onse omaliza osafotokoza masamu ake, tengani pepala lija ndi maresibu onse kupita nawo kwa oyendera zantchito a boma, a Inspecção Geral do Trabalho, kapena ku CEMAL mumzinda wa Tete, komwe amayanjanitsa antchito ndi mabwana nkhani isanafike kukhoti. Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma ali ndi malamulo awoawo, ndipo ngongole ya kubanki yodulidwa pa malipiro si adiyantamento, choncho iwo ayambire kuofesi yoona za antchito ya komwe akugwira.