Maola 2 osowa pa kaundula wa olowa ndi oweruka: mayankho ochokera ku ofesi ya makompyuta

"Ndinaweruka 6:45 madzulo koma lipoti likuti 4:45. Ndani wasintha nthawi yanga?"

Palibe amene wakhudza dzina lanu. Tsiku lina Loweruka tinasamutsa detabesi yathu ya MySQL kuchoka pa seva ya mu ofesi muno kupita pa seva yobwereka ya kunja, ndipo wotchi ya kumeneko imayendera nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC. Nthawi ya kuno ili patsogolo pa UTC ndi maola 2 chaka chonse, n'chifukwa chake aliyense wakhudzidwa wabwerera ndi maola 2 ndendende.

"Pali zomwe zatayika?"

Ayi. Mizere yonse ilipo.

"Nanga bwanji mnzanga wa kulikulu zake zili bwino?"

Apa ndi pomwe panatitayitsa tsiku lathunthu. Makina odindira chala a kulikulu amatumiza nthawi ya wotchi yawoyawo, detabesi n'kungoilandira. Amene mumalembetsa pa foni kunthambi, nthawi imaikidwa ndi detabesi kudzera mu `NOW()`, lamulo lopereka nthawi ya pomwepo, ndipo `NOW()` amatsata chigawo cha nthawi cha seva. Tinatsimikiza ndi lamulo ili:

```sql
SELECT @@global.time_zone, @@system_time_zone,
       NOW(), UTC_TIMESTAMP();
```

Yankho linali `SYSTEM` ndi `UTC`, ndipo nthawi ziwiri zomalizazo zinali zofanana. Kwa ife zimayenera kusiyana ndi maola 2.

"Simunayese musanasamutse?"

Tinayesa. Tinawerenga mizere mbali zonse ziwiri, tinatsegula malipoti a miyezi yapita, zonse zinagwirizana. Chimene sitinachite ndi kulembetsa munthu mmodzi pa foni n'kuyerekeza ndi wotchi ya pakhoma. Pamenepo tavomera.

"Ndiye mungowonjezera maola 2 paliponse basi?"

Ayi, ndipo tikupempha anzathu a kunthambi amene ali ndi chilolezo cholowera mu detabesi kuti asayerekeze. Tebulo ya kaundula ili ndi makolamu awiri a nthawi, ndipo sadwala mofanana.

Kolamu ya `yalembedwa` ndi ya mtundu wa `TIMESTAMP`. MySQL amasunga mtundu umenewu mu UTC, n'kumautembenuza poonetsa. Choncho zosungidwazo zinali zolondola, kungoti zimaoneka zobwerera, zakale ndi zatsopano zomwe. Zinachira titangochita izi n'kuyambitsanso pulogalamu, chifukwa kusinthaku kumagwira okhawo olumikizana mwatsopano:

```sql
SET PERSIST time_zone = '+02:00';
```

Wina akanawonjezera maola pamenepo, akanaononga zabwinobwino.

Kolamu ya `nthawi`, imene malipiro amawerengerapo, ndi `DATETIME`. Iyi imasunga manambala monga yawalandirira, siidziwa kuti ndi a dziko liti. Mizere yakale ili bwino, ya makina a chala ili bwino, koma ya pa foni yolembedwa kuyambira Loweruka mpaka Lachinayi pomwe tinakonza seva inalowa yobwerera, ndipo siingachire yokha.

Mwayi wathu ndi woti kolamu yoyamba ija ndi mboni. Mzere wa amene anafunsa poyamba uja tsopano ukuonetsa `yalembedwa` 18:45, `nthawi` 16:45. Pa mzere wa pa foni ziwirizi zimadindidwa kamodzi, ndiye pomwe zasiyana ndi masekondi 7200 ndi pomwe pali vuto. Titasunga kope la tebulo yonse tinachita izi:

```sql
START TRANSACTION;
UPDATE kaundula
SET nthawi = nthawi + INTERVAL 2 HOUR
WHERE gwero = 'foni'
  AND TIMESTAMPDIFF(SECOND, nthawi, yalembedwa) = 7200;
```

Tisanalembe `COMMIT`, lamulo lotsimikiza zosinthazo, tinatenga mizere khumi n'kuyerekeza ndi buku la alonda a pageti. Mzere wokonzedwa kusiyana kwake kumakhala 0, choncho lamuloli litabwerezedwa mwangozi siliwonjezeranso maola ena.

"Ovataimu yanga ndilandira? Nanga kalata yoti ndinathawa ntchito?"

Ife sitilipira, ndipo sitingalonjeze tsiku. Chimene tachita ndi kupereka ku ofesi ya malipiro mndandanda wa mizere yonse yosinthidwa, nthawi yakale ndi yatsopano moyandikana. Pulogalamu imawerenga ovataimu kuyambira 5 koloko madzulo, kotero woweruka 6:45 anataya ola ndi mphindi 45, n'kulembedwanso ngati wochoka msanga. Zimenezi tsopano zikuoneka bwino, ndipo talembera ofesi yoona za ogwira ntchito kuti makalata ochokera pa masiku amenewa aunikidwenso.

Komabe si onse amene nkhani yawo yatha. A usiku amene munalembetsa pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, mizere yanu inagwera tsiku la dzulo lake, ndipo malipoti omwe anasindikizidwa kale akadali ndi tsiku lolakwikalo. Palinso mizere imene akapitawo anaikonza pamanja ataona madandaulo. Imeneyo lamulo lathu linaidumpha ngati kusiyana kwake sikunalinso masekondi 7200, ndipo ina inakonzedwa moganizira chabe. Tikuiona umodziumodzi. Ngati muli m'magulu awiriwa, bwerani ndi tsiku ndi nthawi imene mukukumbukira, tifananitse ndi `yalembedwa` muli pomwepo.

"Bwanji osangobwerera pa seva yakale?"

Sizikanachiritsa mizere yolakwika ija, chifukwa `DATETIME` imapita ndi manambala ake kulikonse. Komanso seva ija ndi yomwe inkazima magetsi akathima.