Wopanda mapepala ku Joni sanataye ufulu wa pantchito

Mawu amene amanditopetsa kuwamva kwa makolo a ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi ku Chitakale ndi akuti: “Mwana wathu am'chotsa ntchito ku Joni osam'patsa kalikonse, koma poti alibe mapepala, palibe chochita.” Makolo anga, zimenezi si zoona, ndipo mabwana ena amadyera pa umbuli womwewu.

Kukhala m'dziko la eni popanda chilolezo ndi mlandu wa malamulo olowa ndi kutuluka. Malipiro a thukuta limene munthu wakhetsa kale ndi nkhani ina, ya malamulo a ntchito. Mu 2008 khoti la zantchito ku South Africa, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi bungwe la CCMA, lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo dandaulo lake liyenera kumvedwa. CCMA ndiyo imamva mikangano ya pantchito kumeneko, ndipo kukadandaula n'kwaulere.

Tinene kuti mtsikana wa ku Thyolo wagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg zaka ziwiri, maola 45 pa sabata, akulandira R4,000 pa mwezi. Tsiku lina bwana akumuuza kuti anyamule katundu wake usiku womwewo. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa adaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo antchito a m'nyumba ali momwemo. Pa mtengo umenewo ndi maola akewo zinkakwana pafupifupi R5,600 pa mwezi, ndiye kuti mwezi ndi mwezi ankamudya pafupifupi R1,600, ndalama imene angathe kuifunsa. Wantchito wa m'nyumba amene wapitirira miyezi isanu ndi umodzi amayeneranso notisi ya masabata anayi kapena ndalama zake, kuphatikiza ndalama za masiku a tchuthi amene sanapume. CCMA ikapeza kuti adachotsedwa mopanda chilungamo, ingathe kulamula chipukuta misozi chosapitirira malipiro a miyezi 12.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti milandu yomveka bwino chotere imafera pa kuchedwa. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lochotsedwalo, pa fomu yotchedwa LRA 7.11, ndipo bwanayo apatsidwe kope lake. Mtsikana uja amatha sabata ziwiri akubisala kwa mnzake, sabata ina akudikira malangizo a amalume ake kumudzi, kenaka ina akuyembekeza kuti bwana amva chisoni. Mwezi watha. Akachedwa ayenera kupempha padera kuti am'khululukire kuchedwako ndi kufotokoza chifukwa chomveka, ndipo pempholo likhoza kukanidwa. Umboni nawo umasowa: foni yagulitsidwa kuti apeze ya lendi, mauthenga a bwana a pa WhatsApp apita nayo limodzi. Mauthengawo, adiresi ya nyumba, dzina lonse la bwana ndi kabuku kolemba tsiku ndi ndalama imene walandira ndiwo mboni za munthu amene analibe kontirakiti yolembedwa. Azijambula ndi kutumiza kwa m'bale kuno kumudzi akadali pa ntchito.

Ndisakunamizeni, CCMA sipereka chilolezo chokhalira m'dziko. Wopanda mapepala akhoza kugwidwabe, kusungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, n'kubwezedwa kuno. Musayembekezerenso kuti alamula bwana kum'bwezera pa ntchito imene lamulo silimulola kugwira. Chimene angapulumutse ndi ndalama zake.

Apa m'pamene madobadoba amalowerera. Wina akuti tumizani ndalama pa foni, “ndikukonzerani pemiti mawa”, wina akuti ali ndi mnzake ku Lindela. Chidindo chabodza mu pasipoti chimawonjezera mlandu wachinyengo pamwamba pa wokhala mopitirira masiku, ndipo ndalama ya mbuzi imene mwagulitsa sibweranso. Aliyense wofuna kuti mulipire kuti dandaulo lilowe ku CCMA ndi wakuba.

Boma lathu nalo lili ndi udindo, ndipo silisiya kukhala boma la mwana wanu chifukwa wadutsa pa Mwanza. Pangano la ku Vienna la 1963 limanena kuti mlendo akamangidwa auzidwe kuti angathe kudziwitsa ofesi ya kazembe wa dziko lake, ndipo akapempha, apolisi adziwitse ofesiyo mosazengereza. A ku ofesiyo ali ndi ufulu wokamuona ndi kum'thandiza kupeza womuyimira pa mlandu. Sangam'tulutse m'chitokosi mwa mphamvu kapena kusintha chigamulo cha khoti la eni dziko, koma angatsimikize kuti ndi Mmalawi ndi kum'patsa chikalata chobwerera nacho kumudzi ngati pasipoti idatayika kapena bwana akuikaniza. Maofesi athu ali ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Womangidwayo ayenera kupempha yekha ndi pakamwa pake, ndipo inu kuno mukamva za kumangidwako dziwitsani unduna woona za ubale ndi mayiko ena ku Lilongwe tsiku lomwelo, mutakonza dzina lake lonse, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti kapena chitupa cha unzika, ndi polisi imene akusungidwa.