Kusudzula, nyumba ya masiye ndi chibwenzi cha pa ukulu ku Chipata

Pa 23 Juni chaka chilichonse, tsiku limene bungwe la mayiko onse la United Nations linapatula kuti likhale lokumbukira akazi amasiye kuyambira mu 2011, zolankhula zambiri zimakhala za kulanda katundu ndi za fizi ya ana. Chaka chino ine ndinali ndi nkhani ina m'mutu, chifukwa m'banja mwathu muli mkangano umene sunathebe. Azakhali anga, amene ali ndi zaka 52 ndipo amuna awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, apeza bambo wina wosiyidwa ngati iwo, wopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Bamboyo akufuna kutuma ankhoswe, koma azakhaliwo akukana, ngakhale kuti aliyense akuona kuti amamukonda. Amakumana masana Loweruka, amadyera limodzi nsima, ndipo dzuwa likapendeka bamboyo amakwera njinga yake n'kubwerera kwawo. Azilamu awo akuti zimenezi n'zochititsa manyazi, ana awo agawikana, ndipo iwo eni amangoti, “Ndikakwatiwa, ndigona kuti?” Yankho la funso limeneli lili m'malamulo ndi m'miyambo yathu, ndipo ndi limene ndayesa kulilondola.

Pa mwambo wa Achewa, monga aku Katete ndi Chadiza kum'mawa kwa Zambia, mwamuna ankapita chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ana ankawerengedwa a mtundu wa mayi, oyang'aniridwa ndi atsibweni awo. Mwamuna akamwalira, mkazi ankatsala pamudzi pake, m'nyumba yake, ndi munda wa makolo ake. Mkazi akamwalira, mkamwini ndiye ankanyamuka. Koma wofedwayo sankangodzichokera kapena kungoyamba kuyang'ana wina. Maliro akatha, anthu atameta, papite miyezi, achibale a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi pamodzi ndi ankhoswe, ndipo achibale a womwalirayo ankamusudzula wotsalayo, kutanthauza kuti ankalengeza pamaso pa anthu kuti alibenso naye mangawa ndipo akhoza kukwatira kapena kukwatiwa. Kachitidwe kake kankasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo achikulire amene ndacheza nawo sagwirizana pa za kutalika kwa nthawi yodikira kapena pa kanthu kamene kankaperekedwa ngati chizindikiro. Onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: panali tsiku lodziwika limene namfedwa ankasanduka mbeta, ndipo kuyambira tsiku limenelo womufunsira sankabwera mozemba.

Kwa Angoni a Mpezeni zinthu zinali zina, popeza mkazi ankaloboledwa ndi ng'ombe, ankapita kwa mwamuna, ndipo ana anali a bambo. Mkazi wamasiye ankayembekezeka kulowedwa chokolo ndi mbale wa malemu, kuti iye ndi ana asachoke m'banja limene linapereka ng'ombe. Azungu atagonjetsa Angoni mu 1898 n'kuwalanda ng'ombe zambiri, komanso chifukwa chokwatirana kwa nthawi yaitali ndi Achewa ndi Ansenga, miyambo iwiriyi inalowana, moti lero m'makomboni a Chipata mumapezeka mabanja otsata zonse ziwiri mwa theka. Zolembedwa zimene tili nazo za nthawi ya atsamunda, monga za J. A. Barnes amene anafufuza za maukwati a Angoni a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, m'zaka za m'ma 1940, ndi za Max Marwick amene anakhala pakati pa Achewa, zimasonyeza kuti kutha kwa banja ndi kukwatiwanso sizinali zachilendo. Ndimaziwerenga mosamala, chifukwa mlendo wofufuza amamva kwambiri zimene zafika pabwalo la milandu, ndipo mayi wachikulire amene anakana chokolo mwakachetechete n'kudzisankhira mwamuna sankasiya mbiri pa pepala. Komabe pa mfundo iyi zolembazo zikugwirizana ndi zokamba za agogo athu.

Sindikufuna kuukometsa mwambowo kuposa mmene unalili. M'madera ena kumasulidwa kwa namfedwa kunkayendera kusasa fumbi, kugona ndi munthu amene sanamusankhe kuti achotse mzimu wa malemu, ndipo achibale oipa mtima ankatha kuchedwetsa kusudzula dala pofuna kumuzunza. Edzi itafika m'zaka za m'ma 1980, miyambo imeneyi inasanduka njira ya imfa. Pulezidenti Kenneth Kaunda atanena poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, nkhaniyi inayamba kukambidwa mosabisa, ndipo mafumu ndi mipingo anayamba kuletsa chokolo ndi kusasa fumbi. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 linazitchula zonse ziwiri kuti ndi nkhanza ngati munthu wakakamizidwa. Zimenezo zinayenera kutero. Koma m'tauni, mwambo woipawo utachoka, mabanja ambiri anataya nawo limodzi ndi tsiku lija lolengeza kuti munthu wamasuka.

Pamene ine ndikuona kuti zinthu zinatembenukira ndi mu 1989. Zaka za m'mbuyo mwake, amuna ambiri a kuno anali atagwira ntchito ku migodi, ku Lusaka kapena m'boma, ndipo chuma chawo sichinalinso munda ndi nkhokwe koma nyumba ya njerwa, penshoni ndi mipando. Mwamuna wotere akamwalira, abale ake ankabwera ndi mwambo wa kumudzi, wonena kuti mkazi salowa chuma cha mwamuna, n'kusesa zonse mpaka mapoto. Atadandaula kwa zaka zambiri a mabungwe a amayi ndi a mipingo, nyumba ya malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la kagawidwe ka chuma cha munthu womwalira osasiya wilo. Lamuloli limati pa magawo 100 alionse, 20 apite kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Ngati akazi anali angapo, amagawana magawo 20 omwewo poganizira zaka zimene aliyense anakhala m'banja. Lamuloli silikhudza malo a mafumu, choncho munda wa kumudzi umayenderabe mwambo.

Za nyumba zili pa ndime 9, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya azakhali anga. Ndimeyi imati nyumba ikhale ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, koma ufulu umenewo umatha tsiku limene wakwatiwanso kapena wakwatiranso. Maganizo ake ndi omveka: panali mantha akuti mwamuna wachilendo adzalowa m'nyumba ya malemu, adzabereka ana ake, ndipo ana a mwini nyumba adzapezeka panja. Azilamu a azakhali anga akamanena zimenezi sakunama, ndipo ndawaonapo ana amene zinawachitikira. Koma taonani mmene zimakhalira kwa mayi wa zaka makumi asanu.

Tiyerekeze kuti malemu anasiya nyumba imodzi ku Kapata mu Chipata, imene mapepala ake ali m'dzina lake lokha, ndi ndalama zokwana K200,000. Mkazi alandira K40,000, ana agawana K100,000, makolo a mwamuna K40,000, ndipo odalira ena K20,000. Ndalama ya mayiyo ikhoza kutha m'zaka ziwiri kapena zitatu pa chakudya, mankhwala ndi kampamba ka geni ya pamsika. Chimene chimamusunga ndi nyumba: amagona m'zipinda ziwiri, zina n'kuika alendi. Nyumbayo anaimanga nawo, mwina ndi iye amene ankatunga madzi oumbira njerwa, koma dzina lake silili pa pepala. Tsopano pabwere mwamuna wabwino womufuna. Akavomera ukwati, ufulu wake wokhalamo kwa moyo wonse watha, ndipo kukhala kwake kudzadalira mtima wa ana, amene mwina ena ndi a mkazi wina. Mwamuna watsopanoyo naye ali ndi nyumba imene ana ake akuiyang'anira ndi maso awiri. Akadzamwalira, mayiyo adzakhala ndi ufulu m'nyumba yachiwiriyo, koma adzakhala pakati pa ana opeza amene sanawalere, ali ndi zaka 65 kapena 70. Ndipo banja lachiwirilo likangotha mwamuna ali moyo, ufulu wa m'nyumba yoyamba uja subwereranso.

Apa ndi pamene pachokera zibwenzi za masana zimene anthu amaziseka. Ukwati umene umathetsa ufulu uja si wa kutchalitchi kapena wa ku boma wokha, chifukwa wa mwambo nawo ndi ukwati pamaso pa lamulo. Ankhoswe akangokumana, chimalo kapena malobolo n'kuperekedwa, mayiyo wakwatiwa. Koma kungoyenderana, ngakhale kwa zaka zambiri, si ukwati. Motero lamulo lomwe linabwera kudzateteza mkazi wamasiye limamupatsa chifukwa chokanira njira yaulemu imene mpingo wake ndi abale ake akufuna, ndipo iye amalipira ndi mbiri yake: amayi anzake a chigwirizano amamunong'ona, akulu a mpingo amamuitana, azilamu amati akuipitsa nyumba ya mbale wawo. Pa pepala ndimeyi imagwira amuna ndi akazi mofanana. Mwa zimene ndaona ine, bambo wofedwa akakwatira patangotha chaka anthu amati wachita bwino, pakhomo pafunika wophika, ndipo nthawi zambiri nyumbayo inali kale m'dzina lake, choncho siilowa n'komwe m'chuma chogawidwa.

Kwa amene banja lake linatha pa khoti, mfundo ya nyumba imakhala itadulidwa kale pa chigamulo. Kuyambira pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, umene khoti lalikulu kwambiri linagamula mu 2000, zinamveka bwino kuti mkazi wokwatiwa pa mwambo nayenso ayenera kupatsidwa gawo la chuma cha m'banja. Chimene walandira ndi chake, ndipo akakwatiwanso sachitaya. Chomwe chimamuvuta iyeyo kawirikawiri ndi mpingo, makamaka wa Katolika, umene sudalitsa ukwati wachiwiri mnzake woyamba ali moyo. Wamasiye ndiye mpingo umamulola, koma nyumba imamumanga.

Njira zotulukira zilipo, ngakhale zambiri zimafuna kuti munthu aziganizire mwamuna akadali moyo. Wilo yolembedwa bwino ikhoza kumusiyira mkazi nyumba popanda mawu onena za kukwatiwanso, ndipo nyumba yolembetsedwa m'maina a onse awiri imamuika mkazi pabwino kuposa amene dzina lake palibe. Kwa azakhali anga zimenezo zinadutsa. Chotsala ndi ana awo atatu, amene onse ndi akuluakulu, kuti agwirizane ndi kulemba pamaso pa loya kuti mayi awo adzakhalabe m'nyumbamo ngakhale atakwatiwa. Awiri avomera. Wachisamba, amene ali ku Lusaka, akuti ayambe wamuona bamboyo ndi maso ake, ndipo wanena kuti abwera mu Ogasiti, pa nthawi ya Kulamba. Azakhaliwo apemphanso chinthu china chimene sichili m'lamulo lililonse: akufuna kuti alamu awo aakulu abwere kuchokera ku Chadiza, akhale pa mphasa pamaso pa ana ndi ankhoswe akale, anene kuti awasudzula. Mpaka lero alamuwo sanayankhe, ndipo bambo uja akubwerabe Loweruka lililonse n'kuchoka kusanade.