Sokosi zofinya miyendo sizitsata saizi ya nsapato

"Miyendo imatupa ndikachezera kuimirira mu saluni ku Hillbrow. Ndimavala nsapato saizi 6, ndigule sokosi zofinya za saizi yomweyo?"

Ayi achemwali, maganizo amenewa asokeretsa ambiri. Sokosi izi zimagwira kwambiri pakakolo, n'kumamasuka pokwera m'mwamba, kuti magazi abwerere kumtima. Choncho choyeza ndi mwendo, osati phazi.

Yezani m'mamawa musanayambe kuyendayenda, miyendo isanatupe. Zungulizani tepi ya telala pamene mwendo waonda kwambiri, pamwamba pang'ono pa fupa la kakolo, kenako pamene katumba wanenepa kwambiri. Yezaninso kutalika kuchokera pansi kufika zala ziwiri kumunsi kwa bondo, miyendo yonse iwiri. Tinene kuti kakolo ndi masentimita 23, katumba 44. Pa tchati cha pabokosi kakolo angagwere pakatikati, katumba n'kupitirira. Musakwere saizi, chifukwa pakakolo padzakhala lende. Funsani ya katumba wamkulu.

Ikatalika musaipinde pamwamba, imamanga mwendo ngati chingwe. Zala zikachita dzanzi kapena kuzizira, vulani msanga. Ngati muli ndi shuga, kapena mwendo umodzi watupa mwadzidzidzi n'kumapweteka, yambani mwapita kuchipatala.