Za uthenga woti mawu akuti "wolumala" analetsedwa

"Kodi ndi zoona kuti kulemba kuti 'wolumala' ndi mlandu?" Anafunsa choncho mayi wina pa gulupu ya makolo ku Chinamwali.

Ayi mayi, si zoona. Uthengawu umangobwerabwera, umati lamulo latsopano laletsa koma sutchula dzina la lamulolo olo deti. Palibe womangidwa apa.

Zoona zake nzoti malembedwe alipo awiri. Ena amayamba ndi munthu, "munthu wa ulumali", chifukwa anatopa nkuonedwa ngati ulumali basi, ndiponso pangano la UN la 2006 lokhudza ufulu wa anthu a ulumali linalembedwa motero. Ena amayamba ndi ulumaliwo mwadala, agonthi ambiri olankhula chinenero chamanja amati ugonthi ndi gawo la chikhalidwe chawo ndiye abisirenji.

Tiyerekeze mukulemba za mtsikana wosaona wa ku Chanco. Mufunseni mwiniwake mawu omwe akufuna, akakhala sakupezeka yambani ndi munthu, ndipo ngati nkhani ili ya mayeso mwina za masozo nzosafunika nkomwe. "Napweri" kapena "chitsiru" ndi chipongwe, apo palibe zosankha.

Uthengawu ukabweranso, funsani dzina la lamulolo, onaninso mmene FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu a ulumali, kapena APAM, bungwe la anthu achialubino, amalembera okha. Musamangotumiza chonde.