Mafunso ndi mayankho: kuteteza kafukufuku wa zamalamulo pamaso pa oyesa

"Ndine wa ku Ulongwe ku Mozambiki, ndalemba za kusamutsidwa kwa anthu ku Kateme. Kodi tsiku la defeza, loteteza kafukufukuyu pamaso pa oyesa, limayenda bwanji?"

Kawirikawiri patebulo pamakhala anthu atatu: wapampando, mphunzitsi amene amakutsogolerani polemba, ndi wotsutsa. Mumayamba ndinu kufotokoza ntchito yanu m'Chipwitikizi, kenaka wotsutsa amakupanikizani ndi mafunso, mukayankha mumatuluka kuti iwo akambirane. Malikisi amachokera pa 0 kufika 20, ndipo wokhoza amayambira pa 10. Mphindi zolankhula zili m'malamulo a sukulu yanu, kawerengeni msanga.

"Nanga akati ndagwiritsa ntchito lamulo lolakwika?"

Pamutu wanuwu ndi pomwe pali msampha waukulu. Mabanja a ku Mowatize anasamutsidwira ku Kateme m'zaka za 2009 ndi 2010, koma malamulo a kasamutsidwe ka anthu chifukwa cha ntchito zachuma, Decreto n.º 31/2012, anadza pambuyo pake. Mukalemba kuti kusamutsako kunaphwanya lamulo limeneli, wotsutsa angofunsa modekha kuti, "Linayamba liti kugwira ntchito?" Apo mfundo yanu yonse yagwedezeka.

Imani pa zomwe zinalipo nthawi imeneyo. Lamulo la malo, Lei n.º 19/97, pa ndime 12 limavomereza ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, wotchedwa DUAT, wa amene akukhala pamalo motsata mwambo, komanso wa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera 10. Ndime 13 imati kusowa chikalata sikuchotsa ufuluwo. Ndiye yankho lanu likhale lotere: "Aphunzitsi, ufulu wa mabanjawo ndauyeza ndi lamulo la 1997. La 2012 ndalibweretsa pofuna kuonetsa mpata umene linadzatseka." Koma zimenezi zikhale zolembedwa kale m'bukumo, chifukwa oyesa amatsegula tsamba n'kuona.

Chimodzimodzi pa malamulo amene anasinthidwa. Lamulo la mabanja la 2004 linalowedwa m'malo ndi Lei n.º 22/2019, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2004 anaunikidwanso mu 2018. Lamulo lililonse mwatchula, kalipezeni mu Boletim da República, gazeti ya boma yofalitsa malamulo, mulembe nambala ndi tsiku lake. Musakhulupirire pepala lotumizirana pa WhatsApp.

"Ndinacheza ndi anthu 12 okha. Akati ndi ochepa?"

Adzatero ndithu, ndipo kukana kumaipitsa zinthu. Anthu 12 sangayankhulire Kateme yense, choncho fufutani mawu onga "ambiri mwa okhala kumeneko akuti". Nenani chimene macheza amenewo anakuthandizani: kuona mmene munthu wopanda chikalata amatsimikizira kuti munda ndi wake. Ndime 15 ya lamulo la malo imalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Apa konzekerani funso lotsatira, loti mwa 12 aja amayi anali angati, ndipo anakusankhirani ndani. Ngati onse anakulozerani a mfumu, vomerezani kuti mawu a osagwirizana ndi mfumuyo mwina simunawamve. Ine ndimaona kuti wophunzira wodziwa polekezera umboni wake amapatsidwa ulemu kuposa wolimbikira mtunda wopanda madzi.

Palinso za chiyankhulo. Ngati munafunsa m'Chinyungwe kapena m'Chichewa n'kulemba m'Chipwitikizi, fotokozani amene anamasulira, ndipo tengani mafunso anu ndi zolemba zoyambirira, mayina a anthu mutawabisa.

"Mabuku anga ambiri ndi a ku Potugalo. Ndi mlandu?"

Si mlandu pa nkhani za mapangano, poti buku la malamulo a pakati pa anthu la 1966 timaligwiritsabe ntchito kuno, ngakhale kwawoko analisintha malo ambiri. Pa malo ndiye samalani. Kumeneko munthu amagula ndi kugulitsa malo, pomwe kwathu ndime 109 ya malamulo aakulu imati malo ndi a Boma, sagulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Ganizo la mlembi wa ku Lizibowa pa umwini wa malo silingasamukire ku Mowatize osalisefa. Ndipo buku limene munangoliona litatchulidwa ndi wina, lembani choncho. Wotsutsa akhoza kukhala nalo m'chikwama.

"Akandikalipira, mphunzitsi wanga andithandiza?"

Musadalire zimenezo, nthawi zambiri amalankhula inu mutatha kuyankha. Lembani mafunso onse papepala pamene wotsutsa akulankhula, osamudula mawu. Yambani ndi lomwe lagunda maziko a ntchito yanu, zolakwika za kalembedwe muzivomere mwachidule. Pamene mukutsutsa, tchulani tsamba ndi ndime. Funso limene lili kunja kwa mutu wanu, nenani kuti kafukufukuyu sanafikeko ndipo perekani chifukwa chake.